Maola 28 pa sabata: momwe ndinadwazikira amayi osasiya ntchito

Amayi anagwa akukolola chimanga kwathu ku Dedza chakumapeto kwa Meyi. Pamene achimwene amafika nawo ku Lilongwe n'kuti dzanja lamanja ndi mwendo wake zitafooka, kukamwa kutapotoka pang'ono, mawu akutuluka movutikira. Madokotala anati ndi sitiroko. Anagona m'chipatala masiku khumi ndi limodzi, ndipo masiku onsewo gadiyani ndinali ine, kupatula mausiku atatu amene azakhali anandilandira. Tsiku lotuluka, mayi wa mafizo anandiitanira pambali nandiuza kuti miyezi itatu yoyambirirayi ndiyo yofunika kwambiri, chifukwa ndi nthawi imene thupi limabweza zambiri mwa zimene lataya. Anati tizibwera nawo Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu m'mawa, ndipo kunyumba azichita zimene aphunzira tsiku lililonse.

Ndimagwira ntchito ya maakaunti pa kampani ina yogulitsa katundu ku Kanengo, ndipo ndimakhala ku Area 25. Timagwira masiku asanu pa sabata, maola 40. Lamulo la ntchito la dziko lino, lija la chaka cha 2000, limapatsa munthu wogwira masiku asanu pa sabata tchuthi cha masiku 15 pachaka, ndipo wogwira masiku asanu ndi limodzi amalandira 18. Pa masiku anga 15 aja, asanu ndi limodzi anali atapita kale kuchipatala. Anatsala asanu ndi anayi. Miyezi itatu ya mafizo ili ndi maulendo pafupifupi 39, ndiye masiku asanu ndi anayi sakanafika kulikonse.

Anthu ambiri amaganiza kuti pa nthawi ngati imeneyi ungatenge tchuthi cha matenda. Inenso ndinkaganiza choncho. Lamulo limanenadi kuti munthu amene wagwira miyezi 12 ali ndi masabata anayi a malipiro onse ndi masabata asanu ndi atatu a theka la malipiro, koma zimenezi ndi za iwe mwini ukadwala, ndipo pamafunika kalata ya dokotala yonena za thupi lako. Wodwazika mulibe m'menemo. Nditapita kwa mkulu woona za ogwira ntchito, anandimvera chisoni ndithu, koma chimene anali nacho m'kabati mwake chinali fomu imodzi yokha: tchuthi chopanda malipiro. Ndinkalandira K600,000 pamwezi asanadule msonkho. Miyezi itatu yopanda malipiro inatanthauza kutaya K1,800,000, pa nthawi yomwe ndimafunika lendi, mankhwala a kuthamanga kwa magazi, matewera a akulu, ndi takisi, popeza munthu wosaponda bwino sungamukweze minibasi ya ku 25 m'mawa anthu akulimbirana pakhomo.

Ndinayamba molakwika, ndipo ndikufuna ndinene momwe ndinalakwira chifukwa ndaona anzanga ena akulakwa chimodzimodzi. Ndinakumana ndi abwana pakhonde akutuluka kupita ku nkhomaliro, makiyi a galimoto ali m'manja, ndipo ndinati, "Bwana, kodi sizingatheke kuti ndizigwirira ntchito kunyumba, poti amayi akudwala?" Anaima, anandipepesa za matendawo, kenaka anati, "Mayi, zimenezo n'zovuta. Ndikakulolani inu, mawa aliyense abwera. Tengani tchuthi basi, mukawasamale amayiwo." Ndinalowa m'chimbudzi n'kukalira. Patapita masiku ndi pamene ndinazindikira kuti funso langa linalibe chogwirika. Sindinanene masiku ake, sindinanene mpaka liti, sindinanene amene adzatsegule kabokosi ka ndalama dalaivala akafuna za mafuta. Ndinawasenzetsa vuto lonse kuti aliganizire okha ali chiimire, ndipo munthu wotero yankho lapafupi ndi kukana. Komanso lamulo silinali kumbali yanga. Silikakamiza bwana kulola wodwazika kugwirira kunyumba. Chimene ndimapempha chinali mgwirizano, ndiye ndimayenera kubwera ndi chinthu choti mnzangayo awerenge n'kuona kuti nayenso sakuluza.

Amene ananditsegula maso ndi mayi wina wachikulire wa ku sitolo, amene wakhala pa kampanipo zaka zambiri. Anati, "Mwanawe, usapemphe chifundo. Lemba ntchito zako zonse papepala, uone zimene zimafuna thupi lako ndi zimene zimangofuna mutu wako." Sabata yonse yotsatira ndinkalemba m'kope chilichonse chimene ndachita ndi nthawi imene chanditengera. Zotsatira zake zinandidabwitsa. Zofuna thupi langa mu ofesi zinali zochepa: kupereka ndalama za m'kabokosi zija timati pete kashi, kulandira mainvoisi a papepala kwa obweretsa katundu, kusainitsa mavocha, kupita ku banki nthawi zina, ndi kuika mapepala m'mafayilo. Zonsezi zinkakwana maola pafupifupi 16 pa sabata, ndipo zambiri zikanatha kuunjikidwa pa masiku awiri, kupatula pete kashi amene amafunika tsiku lililonse. Zotsalazo zinali za pa laputopu: kulowetsa mainvoisi m'kompyuta, kufananiza mabuku athu ndi sitetimenti ya ku banki, kukonza malipiro a antchito, ndi kukonza mafomu a msonkho, amene masiku ano timatumiza ku MRA kudzera pa Msonkho Online.

Chimene kope lija linandionetsa kwambiri ndi chakuti ntchito yanga imayenda ndi madeti, osati ndi mpando. Msonkho wa PAYE uyenera kukhala utapita pofika pa 14, VAT pofika pa 25, malipiro a antchito athu amatuluka pa 27, ndipo mabuku a mwezi timatseka sabata yoyamba ya mwezi wotsatira. Abwana sagona tulo chifukwa cha madeti amenewa, popeza kuchedwa kwake ndi chindapusa kapena antchito okwiya pageti. Choncho kalata yanga ndinaiyamba ndi madetiwo. Za matenda ndinalemba mizere iwiri yokha. Kenaka ndinalemba kuti Lachiwiri ndi Lachinayi ndidzakhala mu ofesi tsiku lonse, kuti Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu ndidzagwirira kunyumba, kuti dongosololi liyamba pa 16 Juni n'kutha pa 12 Seputembala, ndipo kuti tikayesa masabata atatu tidzakhale pansi n'kuona ngati likuyenda. Ndinalonjeza kuti tsiku lililonse la kunyumba, ndisanatseke laputopu, ndizitumiza imelo ya mizere itatu: zimene ndamaliza, zimene zatsala, ndi zimene zikudikira munthu wina.

Ndinayankhanso mafunso amene ndimadziwa kuti abwera. Magetsi akathima bwanji? Batire ya laputopu ya kuntchito imakhala maola anayi, ndipo ndili ndi masimu a makampani awiri a foni, imodzi ikavuta ndisinthira ku ina. Zikakanika zonse ndidzakwera kabaza kubwera ku ofesi, poti kuchokera ku 25 kufika ku Kanengo si patali. Bandulo alipira ndani? Ndinapempha kuti kampani izindigulira ya pamwezi. Nanga chinsinsi cha malipiro a anthu? Mapepala a malipiro sadzatuluka mu ofesi, laputopu ili ndi pasiwedi, ndipo mwana wanga sadzaigwira ngakhale kuonera katuni. Abwana anawerenga kalatayo ine ndili pomwepo, anafunsa za pete kashi, ndinati mnyamata amene timagwira naye ntchito wavomera kusunga kiyi masiku atatuwo. Anasaina.

Koma m'kalata imeneyo munali bodza limodzi, ndipo woyamba kunamizidwa ndinali ine. Posafuna kutaya ngakhale tambala, ndinalemba kuti ndidzagwirabe maola onse 40. Masiku a mafizo ndinati ndizigwira kuyambira 1 koloko mpaka 5 koloko, kenaka 7 koloko mpaka 11 koloko usiku. Papepala masamu ake amakwana bwinobwino.

Tsiku la mafizo limayamba 5 koloko. Kutenthetsa madzi, kuwasambitsa amayi atakhala pa mpando wapulasitiki m'bafa, kuwaveka kuyambira ku dzanja lofooka monga anatiphunzitsira, kuwamwetsa phala pang'onopang'ono kuti asatsamwe. Takisi imafika 7 koloko ndipo msewu wolowera m'tauni umakhala utadzaza kale. Kuchipatala kumakhala mzere. Mafizo enieniwo satenga ola, koma pobwera kunyumba imakhala itadutsa 12 koloko, amayi atatopa, ine nditatopa, nsima isanaphikidwe. Ikamakwana 1 koloko ndimakhala pa tebulo ndithu, koma khutu limodzi lili kuchipinda. Akafuna kutembenuka, akafuna kupita kokataya madzi, kapena akangoitana dzina langa chifukwa chochita mantha, ndimadzuka. Ndiye panabwera odzazonda. Amayi a ku mvano, abale ochokera kumudzi, aneba. Munthu wabwera kudzaona wodwala, sungamusiye pakhonde n'kunena kuti ndili pa ntchito. Kwa iwo, poti wakupeza pakhomo wavala chitenje, ndiye kuti uli pa tchuthi. Ntchito ya masana inkasefukira usiku, ndipo ya usiku inkafika 1 koloko m'bandakucha.

Zizindikiro zoti zinthu sizili bwino zinaoneka msanga, kungoti sindinafune kuziwerenga. Imelo yanga ya mizere itatu inayamba kupita pakati pa usiku m'malo mwa madzulo. Mzere wa "zimene zatsala" unkakhala ndi zinthu zomwezomwezo masiku atatu otsatizana. Lachiwiri ndi Lachinayi, m'malo mochita za mu ofesi, ndinkamalizitsa za dzulo lake, mavocha n'kumaunjikana. Ndipo tsiku lina ndinawakalipira amayi chifukwa chogwetsa kapu ya tiyi. Anangondiyang'ana, milomo ikunjenjemera, osatha kuyankha. Chimenecho chimandiwawabe. Sabata yachitatu ndinalowetsa invoisi imodzi kawiri, ndipo wobweretsa katundu wina akanalipidwa kawiri zikanakhala kuti mnyamata uja sanaone nambala yofanana pa mavocha awiri. Pa ntchito ya maakaunti cholakwa chotere sichaching'ono. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo ine ndinali nditanyowa kale.

Mwayi wanga unali woti tsiku lounikira lija linali m'kalata. Pakanapanda tsiku limenelo, nkhaniyo ikanabwera ngati mlandu. M'malo mwake ndinalowa mu ofesi ya abwana pa tsiku limene tinapangana, ndipo ndinayamba ndine. Ndinati, "Bwana, za kunyumba zikutheka, koma maola a usiku aja kulibe. Ndinalonjeza chimene ndilibe." Ndinapempha kuti maola anga atsike kufika pa 28 pa sabata: 16 a Lachiwiri ndi Lachinayi mu ofesi, ndi anayi anayi masana a masiku atatu a mafizo, amene akwana 12. Maola 28 pa 40 ndi magawo asanu ndi awiri mwa magawo khumi, choncho malipiro anatsika kuchoka pa K600,000 kufika pa K420,000. Ndinataya K180,000 pamwezi. Ndi ndalama zambiri, ndipo kuti zitheke ndinaimitsa chipereganyu chimodzi ndi kupempha achimwene kuti takisi azilipira ndi iwo. Komabe ndikaiyerekeza ndi K600,000 yonse imene ndikanataya mwezi uliwonse pa tchuthi chopanda malipiro, ndinali ndi popumira. Ndalama yofika m'manja sinatsike ndi K180,000 yonse, chifukwa msonkho wa PAYE umakwera ndi malipiro, ndiye gawo limene linadulidwalo ndi lomwe linkadyedwa kwambiri ndi msonkho.

Apa ndi pamene ndikufuna kukhalitsa, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amapwetekera. Kuchepetsa maola popanda kuchepetsa ntchito ndi kungodzidulira malipiro. Ukangonena kuti ndizigwira maola 28, koma zonse zimene unkachita pa maola 40 zili pa tebulo lako, udzazichitabe, usiku ndi Loweruka, kwaulere. Choncho ndinabwereranso ku kope langa lija n'kufunafuna ntchito zokwana maola 12 zoti zichoke m'manja mwanga, ndipo ndinazitchula mayina. Pete kashi yense, ngakhale masiku amene ndili mu ofesi, apite kwa mnyamata uja. Kulowetsa mainvoisi a tsiku ndi tsiku kupitenso kwa iye, ine ndizingoona ngati walowetsa bwino. Kuimbira foni amene ali ndi ngongole zathu kupite kwa a ku malonda, amene amawadziwa kale makasitomalawo. Lipoti lina la sabata ndi sabata, limene nditafunsa ndinapeza kuti limawerengedwa pakutha pa mwezi pokha, tinagwirizana kuti lizituluka kamodzi pamwezi. Kwa ine kunatsala msonkho, malipiro a antchito, kufananiza mabuku ndi banki, ndi kutseka mwezi.

Za mnzangayo sindinafune kuti zingodutsa. Ntchito yochoka kwa ine imagwera munthu, ndipo munthuyo ali ndi msana wake. Ndinauza abwana kuti popeza kampani ikusunga K180,000 pamwezi, gawo lina lipite kwa iye ngati alawansi ya miyezi imeneyi. Anavomera K60,000. Ndikukhulupirira kuti chimenechi ndicho chinateteza dongosolo lonse, chifukwa madandaulo a m'makhonde, aja akuti ena akudyerera ife tikuvutika, amayambira kwa munthu amene wasenzetsedwa katundu popanda womufunsa.

Kalata yachiwiri tinailemba ndi mkulu woona za ogwira ntchito uja, ndipo ndinaumirira mfundo zingapo zimene pa kalata yoyamba sindinaziganize. Inanena kuti kusinthaku n'kwa kanthawi, kuti kontirakiti yanga ikhala momwe ilili, ndipo kuti pa 15 Seputembala ndibwerera pa maola 40 ndi malipiro akale popanda kupemphanso. Mawu akuti popanda kupemphanso ndi ofunika, chifukwa kampani ikaona kuti zinthu zikuyenda ndi malipiro ochepa, ikhoza kuzolowera. Inanenanso za penshoni. Lamulo limati bwana aziika 10 peresenti ya malipiro ndipo wantchito 5 peresenti, ndiye malipiro akatsika zonsezi zimatsika: gawo la kampani linachoka pa K60,000 kufika pa K42,000, langa pa K30,000 kufika pa K21,000. Ndinalola, koma ndinalola ndikudziwa. Sikimu ya chipatala inakhala momwe inalili, ndipo masiku a tchuthi anapitirira kuwerengedwa ngati kale. Zimenezi sizichitika zokha. Ndinachita kufunsa chimodzichimodzi mpaka zinalembedwa. Masiku anga asanu ndi anayi aja ndinawasunga osawakhudza, kuti akhale a tsiku la mwadzidzidzi.

Tinalembanso za foni. Pa dongosolo loyamba anthu ankandiimbira ndili m'chipinda cha mafizo nditagwira amayi m'chiuno, ndipo ndinkayankha chifukwa cha manyazi. Tsopano zinalembedwa kuti m'mawa wa masiku atatuwo sindipezeka, ndipo mauthenga a pa WhatsApp ndiziyankha ikakwana 1 koloko. Sabata yoyamba anthu anaimbabe. Nditasiya kuyankha n'kumabweza foni 1 koloko yeniyeni, osaphonya, anazolowera.

Kunyumba nako kunafunika mgwirizano wake, ndipo unali wovuta kuposa wa ku ofesi. Maola anayi a masana sakanakhala enieni popanda munthu wina woyang'ana amayi. Mwana wa azakhali, amene anali atangomaliza Fomu 4, anabwera kudzakhala nafe, ndipo kuyambira 1 koloko mpaka 5 koloko amayi anali m'manja mwake, monganso Lachiwiri ndi Lachinayi tsiku lonse. Tebulo ndinalichotsa pabalaza n'kulilowetsa kuchipinda kwanga. Kwa amayi a ku mvano ndinapita ndekha kukalankhula ndi atcheya. Ndinati, "Amayi, kubwera kwanu kumatilimbikitsa, koma masana ndimakhala pa ntchito ngakhale ndili m'nyumba. Mukabwera Loweruka kapena ikadutsa 5 koloko, tidzakhala pansi bwinobwino." Ndinkaopa kuti akhumudwa. Anangoti, "Bwanji osanena kale, mwana wanga?" ndipo anakauza anzawo.

Sindikunena kuti njira imeneyi ndi ya aliyense. Mayi wa ku sitolo amene anandilangiza uja sangawerenge makatoni ali kunyumba. Kwa iye chotheka ndi kusintha kapena kuchepetsa maola basi. Ndipo masiku khumi ndi limodzi a m'chipatala aja, pamene sitinkadziwa ngati amayi adzuka, sakanatheka ndi laputopu pamwendo. Pamenepo pamafunika tchuthi chenicheni, ndipo amene angayese kugwira ntchito ali pa benchi ya magadiyani akudzizunza. Kugwirira kunyumba ndi kuchepetsa maola kunayamba kuthandiza pamene matenda anakhala ndi ndandanda yake, pamene ndinkatha kunena kuti Lachitatu 1 koloko ndidzakhala pa tebulo ndipo n'kukhaladi.

Ngakhale pamenepo sabata ya malipiro inkathina. Pakati pa 22 ndi 27 maola 28 sankakwana, choncho Lachitatu la sabata imeneyo achimwene ankapempha ku ntchito kwawo n'kupita ndi amayi ku mafizo, ine n'kukhala mu ofesi tsiku lonse, ndipo maola owonjezerawo ndinkawabweza sabata yotsatira. Mu Ogasiti magazi a amayi anakwera usiku ndipo tinagonanso m'chipatala masiku awiri. Apo ndinatenga masiku awiri pa asanu ndi anayi aja, ndinatseka foni, ndipo VAT ya mwezi umenewo inapita pa 22, deti lisanakwane.

Pa 15 Seputembala ndinabwerera pa maola 40. Kiyi wa pete kashi sanabwerere kwa ine. Abwana anaona kuti ali bwino komwe ali. Amayi tsopano amayenda ndi ndodo kuchokera kuchipinda kufika pakhonde, ndipo kapu amainyamula ndi manja awiri, lamanja likuthandizidwa ndi lamanzere. Mafizo anatsika kufika kamodzi pa sabata, ndipo ndinapempha kuti Lachisanu m'mawa ndizilowa 11 koloko n'kumaweruka mochedwerapo masiku ena, zimenenso tinalemba. Masiku asanu ndi awiri a tchuthi amene anatsala ndawasungira Novembala, mvula ikayamba, chifukwa amayi akuti munda wawo sungadzalidwe iwo osauona.